Mmene Sikelo ya Manambala Imapezera Kulemera

Mukakoleka thumba la soya pa sikelo ya manambala, kachitsulo ka m'kati kamapindika pang'ono n'kutulutsa mphamvu ya magetsi. Thumba likalemera, mphamvuyo imakwera. Koma sikelo imaonetsa manambala, osati magetsi, choncho muli kachipangizo kotchedwa ADC kosandutsa mphamvuyo kukhala nambala.

Kachipangizoka sikayang'ana katundu mosalekeza. Kamayeza, kupuma, n'kuyezanso. Kena kofala m'masikelo, kotchedwa HX711, kamayeza maulendo 10 kapena 80 pa sekondi. Zochitika pakati pa muyezo ndi muyezo sikaziona. N'chifukwa chake thumba likamagwedezeka manambala amadumphadumpha. Dikirani likhazikike, ndipo musalole wogula kulemba nambala thumba likuvinabe. Thukuta la dzinja lonse lisatayike chifukwa cha changu.

Pali china. Kulemera kumakwera mosalala, koma ADC imayenda ngati munthu pa makwerero: phazi limaponda pa sitepe, osati pakati. Kuchuluka kwa masitepe kumadalira mabiti ake. Biti imodzi ikawonjezeka, masitepe amachuluka kawiri: mabiti 8 amapereka masitepe 256, mabiti 10 amapereka 1024, mabiti 12 amapereka 4096.

Tiyerekeze sikelo yofika makilogalamu 50, omwe ndi magalamu 50,000, ndipo ADC yake ndi ya mabiti 10. Kukula kwa sitepe tikupeza pogawa:

50,000 ÷ 1024 = 48.8

Sitepe imodzi ndi magalamu pafupifupi 49. Tsopano ikanipo mbewu ya mpiru yolemera magalamu 130. Sitepe yachiwiri ili pa magalamu 98, yachitatu pa 146. Pa 130 palibe popondapo, ndiye ADC isankha yapafupi, 146. Yaphonya ndi magalamu 16. Pamene imasankha sitepe yapafupi, kuphonyaku sikupitirira theka la sitepe, magalamu 24 pa sikelo yathuyi, ndipo kumatha kukomera wogula kapena wogulitsa. Ikanakhala ya mabiti 12, sitepe ikanakhala magalamu 12, kuphonya osaposa 6.

Magalamu 24 pa thumba lodzaza si kanthu. Pa kapaketi ka mbewu ndi ambiri, ndipo pa mankhwala opopera m'munda angawotche mbewu kapena kuika moyo pachiswe. Zinthu zing'onozing'ono yezerani pa sikelo yaing'ono, chifukwa masitepe omwewo akagawidwa pa kilogalamu imodzi amakhala aang'ono kwambiri.

Sitepe imene sikelo yanu imaonetsa mungaidziwe nokha. Thirani mchenga pang'onopang'ono mukuyang'ana manambala. Adzakhala chete, kenako n'kudumpha. Kudumphako ndiye sitepe yake. Koma thumba lomwelo likasiyana ndi kilogalamu yathunthu pa masikelo awiri, imeneyo si nkhani ya masitepe. Imodzi yawonongeka, kapena wina waigwiragwira. Funsani wogula kuti ayambe aonetsa 0 sikelo ilibe kanthu, kenako muyezerepo chinthu chimene kulemera kwake mukukudziwa, monga paketi ya shuga yosatsegula.