K14,400 imene inasowa popanda wakuba

Mu Juni 2025 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a ogwira ntchito ndi 40 peresenti, n'kufika pa K126,000 pamwezi. Nkhaniyi inamveka pawailesi paliponse, koma pali msampha wina wa masamu umene unabwera nayo, ndipo umagwira anthu oona mtima mofanana ndi mmene umagwirira osasamala.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, amene amuna ake anali mlonda ku Limbe. Bamboyo wamwalira mu Julaye, abwana ake asanamupatse malipiro a Malichi, Epulo ndi Meyi, miyezi ya malipiro akale. M'chikwama cha malemuyo mwapezeka kapepala ka malipiro kamodzi kokha, ka Juni, kolembedwa K126,000. Maliro atatha, mayiyo akukwera minibasi ndi alongo ake kukalondola ndalamazo.

Kalaliki wa kuntchito kwa malemuyo akuwalandira bwino. "Pepani ndi zovutazi, mayi. Malipiro anakwera ndi 40 peresenti, ndiye tingochotsapo 40 peresentiyo kuti tipeze akale." Akudina pafoni: 40 peresenti ya K126,000 ndi K50,400. Akachotsa, patsala K75,600. Miyezi itatu ikukwana K226,800. Alongo aja akuona manambalawo ndi maso awo, akugwedeza mutu. "Sainirani, achemwali, zili bwino." Mayiyo akusaina kuti walandira zonse.

Foni sinaname, ndipo n'kutheka kuti kalalikiyo analibe chinyengo mumtima. Cholakwika n'chakuti 40 peresenti ija anaitenga pa ndalama yolakwika. Pokweza malipiro, peresenti imawerengedwa pa ndalama yakale, chifukwa tsiku lokwezalo yatsopanoyo inali isanakhalepo. Kalaliki anaiwerengera pa yatsopano, imene ndi yaikulu, choncho chimene anachotsa chinaposa chimene chinawonjezedwa.

Njira yolondola ndi iyi. Ganizirani malipiro akale ngati milu 100 yofanana. Kukweza ndi 40 peresenti ndiko kuwonjezera milu ina 40 ya msinkhu womwewo. Ndiye kuti K126,000 ija si milu 100 ayi, ndi milu 140. Mukagawa K126,000 ndi 140, mupeza kuti mulu umodzi ndi K900. Malipiro akale anali milu 100, ndiye K900 kuchulukitsa ndi 100 ndi K90,000. Pafoni mungodina 126000 ÷ 140 × 100. Imeneyi ndiyo ndalama yeniyeni imene boma linakhazikitsa mu Febuluwale 2024.

Mayi uja anayenera kulandira K270,000. Mwezi uliwonse anataya K14,400, ndipo pa miyezi itatu K43,200 inatsalira ku Limbe. Kwa mayi wamasiye amene akuyembekezera kulipirira ana sukulu ndi kugula mbewu mvula isanagwe, imeneyi si ndalama yoti n'kuinyalanyaza, ndipo zimandipweteka kuti ikanapulumuka ndi funso limodzi lokha.

Funsolo ndi lakuti: tikakweza yankho lanuli ndi 40 peresenti, kodi tifika pa ndalama ili papepalayi? Yesani ndi K75,600. Peresenti 40 yake ndi K30,240, ndipo mukaphatikiza mupeza K105,840, osati K126,000. Yesaninso ndi K90,000: 40 peresenti yake ndi K36,000, mukaphatikiza ndi K126,000 ndendende. Amene sadziwa kugawa ndi 140 angathebe kuuza kalaliki kuti, "Bambo, taikwezaninso tione," asanagwire cholembera.

Vutoli limabisala kwambiri peresenti ikakhala yaing'ono. Ngati lendi ya kashopu pa Mauwa yafika K33,000 itakwera ndi 10 peresenti, kuchotsa kumapereka K29,700 pamene yeniyeni ndi K30,000, ndipo K300 anthu amangoti ndi ya pamwamba. Peresenti ikakula, bodza la njirayi limaonekera poyera. Malipiro a K90,000 aja anafikapo atakwera ndi 80 peresenti. Wochotsa anganene kuti akale anali K18,000, pamene aliyense amene ankagwira ntchito nthawi imeneyo akukumbukira K50,000, yomwe ndi 90000 ÷ 180 × 100.

Chenjezo lina likukhudza kapepala komweko. Gwiritsani ntchito ndalama ya pamwamba, asanadulepo ngongole kapena china chilichonse, chifukwa peresenti inakwera pa malipiro athunthu. Malemu aja akanakhala kuti ankadulidwa ngongole ya kuntchito, ndalama ya m'munsi mwa kapepalako ikanatsitsa yankho ngakhale munthu atagawa ndi 140 molondola.