Makina ochapira akanunkha chiwawasa

Zikomo mayi a ku Chilobwe chifukwa cha kalata yanu. Fungo lowawasalo ndi sopo wotsalira amene wachita nkhungu, ndipo ndikumva nanu chisoni, chifukwa limalowa mpaka m'matawulo. Solorani kadilowa ka sopo, mudine kachotsekera kali pakati kuti katuluke konse. Kaviikeni m'madzi otentha, mukweche ndi mswachi wakale. Suzumiraninso m'bowo mwake, makamaka kudenga: kumakhala bii! Kenaka pindani labala wa pachitseko, mupukute matope obisala m'khwinya mwake. Mukatero yendetsani makina opanda zovala pa madigiri 60, mutathira theka la kapu ya jiki. Koma chonde mayi, musasakanize jiki ndi viniga, mpweya wake ndi poizoni. Mukamaliza kuchapa, chitseko ndi kadilowa muzisiya zotsekula.