Masiku 10 atadutsa, kubwerera kunakanika

Mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Girrawheen, kumpoto kwa mzinda wa Perth, anali ndi laputopu ya Windows 10 ndi sikana yakalekale yojambulira mapepala a kuntchito. Mwezi uliwonse laputopuyo inkapempha kuyambiranso, iwo n'kuvomera, pakapita mphindi zochepa ntchito n'kupitirira. Choncho tsiku limene uthenga wa Windows 11 unatulukira, anangodina osawerenga, poganiza kuti ndi zomwe zija.

Sizinali zomwe zija. Za mwezi ndi mwezizo ndi zigamba. Microsoft imazitulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi, ku Perth kukhala kuli Lachitatu usiku kusanache. Chigamba chimatseka mpata umene akuba angalowerepo kapena kukonza cholakwika, ndipo mumachizindikira ndi nambala yoyamba ndi KB. Chikavuta, kawirikawiri chimachotseka pa Uninstall updates. Palinso kusintha kwapakati, kumene pa Windows 11 kumabwera kamodzi pa chaka, monga kuchoka pa 23H2 kupita pa 24H2. Dzina silisintha, koma zina zatsopano zimalowa ndipo zina zakale zimachotsedwa.

Chimene mayiwa anavomera chinali chachitatu: kuzula Windows 10 yonse n'kuikapo ina. Windows 11 imafuna zakezake, monga TPM 2.0 ndi malo a 64 GB. Laputopu yawo inali nazo, n'chifukwa chake zonse zinaoneka ngati zayenda. Koma kapulogalamu koyendetsa sikana kanali kakale, ndipo kampani yake inali itasiya kukakonza.

Anazindikira patatha milungu itatu, atafuna kutumiza pepala mwachangu. Mwana wa mchemwali wawo anatsegula Settings, kenako System, kenako Recovery, n'kupeza kuti batani la Go back silikudinika. Windows imasunga zakale m'foda ya Windows.old kwa masiku 10 okha, kenako imazifufuta.

"Amayi aang'ono, mukanaiyesa sikanayi sabata yoyamba ija, bwenzi titabwerera," anatero mnyamatayo.

Chifukwa chopsa mtima, mayiwa anayamba kudina Pause updates nthawi iliyonse ikapezeka. Apa ndiye anaonjeza vuto, pakuti anakana zigamba chifukwa cha mlandu umene sunali wa zigamba. Pulogalamu yoononga ya WannaCry, imene inasokoneza zipatala za ku Britain mu Meyi 2017, inalowera pa mpata umene chigamba chake chinatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Kukakamira Windows 10 nakonso si pothawira, popeza Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025.

Inu mukaona uthenga, werengani dzina lake. Ngati pali KB, lolani tsiku lomwelo. Ngati nambala ya Windows yeniyeniyo ikusintha, yambani mwakopera mafayilo anu pena, mufufuze ngati sikana ndi pulinta zanu zili ndi mapulogalamu a Windows 11, ndipo mukangomaliza muyese chipangizo chilichonse masiku 10 asanakwane. Kuti mudziwe pamene muli, lembani `winver` pa Start.