Utelala wa pakhonde: ntchito yogwira mutakhala pansi kuno kwa Mwambo

Ngati miyendo sikulolani kupita kumunda kapena kukwera bwato pa Kachulu, koma manja ndi maso zikugwira bwino, pali ntchito zingapo zimene mungagwire osachoka pakhomo. Mutha kusoka maukonde a asodzi, kuluka mphasa, kapena kutchaja mafoni ndi sola. Zonsezi zimadyetsa, koma aliyense wa kuno akudziwa khalidwe la nyanja ya Chilwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangokhala pamatope. Nyanja ikaphwa, wosoka maukonde amasowa ntchito tsiku lomwelo, pamene zovala zimang'ambika chaka chili chonse, nsomba zikhalepo kapena ayi. N'chifukwa chake ndasankha kukufotokozerani za utelala wogwiritsa makina opukusa ndi dzanja, kuyambira pogula makina mpaka powerengera phindu.

Matelala ambiri amene mumawaona pa Jali amapalasa makina ndi mapazi, ndipo zimenezi zimachititsa ena kuganiza kuti wolumala miyendo sangasoke. Mutu wa makina ndi umodzimodzi, chimasiyana ndi choyendetsa chake. Makina akuda aja a Butterfly kapena Singer akhoza kumangidwa chopukusira kudzanja lamanja, ndipo mukachizunguza kamodzi singano imabaya pafupifupi katatu. Musanapereke ndalama, yang'anani zinthu ziwiri: gudumu la m'mbali likhale la masipoko, chifukwa chopukusira chimakola pakati pa masipokowo, komanso pansi pa gudumulo pakhale bowo la bawuti pomangira. Ngati gudumu ndi lotseka, funsani wokonza makina ngati angalisinthe, ndipo mtengo wake muuphatikize pa mtengo wa makinawo. Thebulo la chitsulo la mapazi simukulifuna, choncho gulani mutu wokha, ndalama zichepe.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito ndi abwino ndithu, bola muwayese. Tengani kansalu kopyapyala ndi kachigamba ka jinzi, ndipo mupite ndi telala amene mumamukhulupirira. Sokani mizere ingapo pa nsalu zonse ziwiri, kenako tembenuzani muone kunsi. Msoko wabwino umaoneka chimodzimodzi pamwamba ndi pansi. Makina olimba popukusa, ogogoda m'kati, kapena olumphalumpha ngakhale mwaika singano yatsopano, asiyeni, ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo. Mitengo imasintha kwambiri chigwereni kwacha mu Novembala 2023, choncho funsani malo atatu, ku Zomba ndi kwa matelala a kwanu konkuno, musanagwirizane ndi wina. Dziwani kuti makinawa ndiwo adzadye ndalama zambiri pa zonse, ndipo pamwamba pake musungeko zogulira sizasi yakuthwa, tepi yoyezera, choko, mabobini, simbi ya makala, botolo la mafuta a makina, ndi ulusi wakuda, woyera, wabuluu ndi wofiira. Singano mugule za nambala 14 za zitenje ndi malaya, za 16 za yunifolomu, ndi za 18 za jinzi.

Mukapeza makina, konzani pokhala musanasoke kanthu, chifukwa thupi lanu ndilo mpamba woyamba. Uzani kalipentala ayeze thebulo inu mutakhala pa mpando kapena pa njinga imene mudzagwiritse ntchito. Mawondo alowe pansi pa thebulo mosakhula, ndipo pamwamba pake pakhale cha pa msinkhu wa chigongono, kuti phewa lisamakwere popukusa. Ngati munazolowera kukhala pamphasa, kathebulo kakafupi kolemera kamakwanira. Makinawo amangidwe pathebulo kuti asamayende, pakuti dzanja lamanja lidzakhala likupukusa ndipo lamanzere lokha ndilo lidzawongola nsalu. Ikani thebulo pakhonde loyang'ana kunjira, pamene kuwala kumafika bwino ndiponso odutsa akukuonani mukugwira ntchito. Zida zonse zikhale m'bokosi limene dzanja lanu likufikira, kuti musamadikire mwana abwere kusukulu kuti akupatsireni sizasi.

Pali ngozi imodzi imene ambiri saiganizira. Munthu amene samva bwino kuyambira m'chiuno kutsika akhoza kutuluka zilonda za pokhalira osadziwa, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene thukuta limachuluka. Khalirani khushoni yofewa ndi youma. Theka la ola lisathe musananyamuke pang'ono ndi manja kapena kupendekera mbali iyi ndi inayo. Madzulo aliwonse onani khungu ndi kagalasi, kapena wina wa m'nyumba akuonereni. Mukapeza malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lina, osabwerera mwakale mutapuma, lekani kukhalira malowo ndipo pitani kuchipatala chilonda chisanatseguke. Chilonda chotere chimagoneka munthu miyezi, ndipo ntchito yonse imaima.

Pophunzira, musathamangire madiresi a ukwati. Masabata awiri oyamba sokani mizere yowongoka pa nsanza mpaka dzanja lamanzere lizolowere. Nsalu musaikoke, mano a makina amaiyendetsa okha, inu mungoiwongolera, ndipo mapini kapena kusita mpindiro musanasoke kumalowa m'malo mwa dzanja limene latanganidwa ndi kupukusa. Mukatero yambani kupinda zitenje, kuika zigamba, kusintha zipi, kulowetsa lasitiki, ndi kuchepetsa zovala za pa kaunjika. Ntchito zimenezi munthu wakhama amazigwira bwino pakatha miyezi itatu. Kudula nsalu ya siketi, kabudula kapena shati ya sukulu kumafuna nthawi yoposa pamenepo, kawirikawiri theka la chaka muli pafupi ndi telala wodziwa. Gwirizanani ndi wina wapafupi azibwera kwanu kawiri pa sabata, mumulipire kapena muzimugwirira ntchito zing'onozing'ono. Funsaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku Zomba za maphunziro a bungwe la MACODA, limene kale linkatchedwa MACOHA. Sukulu yake ya ntchito zamanja ili ku Magomero m'boma la Chiradzulu, ndipo utelala ndi imodzi mwa ntchito zimene amaphunzitsa.

Makina akayamba kuvuta, nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Ulusi ukamapanga zisa kunsi kwa nsalu, anthu amathamangira kumasula kasikuluwu ka pa chotengera bobini, pamene cholakwika chili pamwamba. Tulutsani ulusi wapamwamba, kwezani phazi la makina, muulowetsenso bwinobwino kuti ukhale pakati pa timbale tiwiri tomangira, ndipo ngati zisa zikadalipo mangani pang'ono pokhapo. Makina akamalumpha misoko, singano yapindika, yabuntha kapena mwaiika chotembenuza. Pa Butterfly mbali yake yosalala imayang'ana kumanja, kumene kuli gudumu. Singano ikamathyoka, mwina mukukoka nsalu kapena ndi yaing'ono pa nsalu yolimba. Mafuta muzithira kadontho kamodzi pa bowo lililonse kamodzi pa sabata, mutayamba mwachotsa thonje lodzikundikira pansi pa mano. Mafuta ophikira musawayerekeze n'komwe, amauma ngati ulimbo n'kumanga makina. Kuno fumbi ndi lambiri m'chilimwe ndipo chinyontho cha m'dzinja chimabweretsa dzimbiri, choncho mukaweruka phimbani makina ndi kuwalowetsa m'nyumba, pamalo okwera.

Tsopano tiwerenge ndalama, pakuti ambiri amasoka tsiku lonse koma osaona kumene phindu lapita. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya lero ya kwanu. Tinene kuti pa sabata mwapinda zitenje 10 pa K500 chimodzi, mwakonza zovala 6 pa K1,000 chimodzi, ndipo mwasintha zipi 3 pa K2,000 imodzi. Zonse pamodzi ndi K17,000. Ndalama imeneyi si yanu yonse. Chotsani ya zipi, ulusi, singano, mafuta, makala a simbi ndi ya wakabaza amene anakuguliraniko zinthu pa Jali, tinene K6,000. Pa K11,000 yotsalayo patulani K2,000 ya tsiku limene makina adzafune wokonza, ndipo K9,000 ndiyo ya ndiwo ndi sopo. Wakabaza ndiye amadya phindu mwakachetechete, choncho lembani zosowa zonse m'kope, mumutume kamodzi pa tsiku la msika.

Anthu ena adzabwera ndi maganizo akuti popeza ndinu aulumali mulandira chilichonse chimene angakupatseni. Funsani mitengo ya matelala anzanu, mutchule yofanana nayo, ndipo muitchule musanayambe ntchito. Wofuna chovala chatsopano abwere ndi nsalu yake ndi kupereka theka la malipiro poyamba. Chovala chisachoke pakhonde ngati ndalama yotsalayo sinaperekedwe, ngakhale mwini wake ndi mlamu wanu, chifukwa kulondola ngongole kwa inu kumafuna kulipira njinga. Amene ali kutali angatumize pa Airtel Money kapena Mpamba. M'kope lembani dzina, miyeso, mtengo ndi tsiku lodzatenga, ndipo dulani kachidutswa ka nsalu yakeyo mukamate pambali pa dzinalo kuti zitenje zofanana zisasokonekere. Makina a dzanja amachedwa kusiyana ndi a mapazi, ndiye ngati ntchito ndi ya masiku awiri, nenani atatu.

Ntchitoyi ili ndi nyengo zake. Anthu akakolola mpunga ku Likangala ndi m'madambo a m'mbali mwa nyanja, cha mu Meyi ndi Juni, ndalama zimayenda ndipo zitenje zatsopano zimachuluka. Mu Ogasiti ndi Seputembala makolo amafuna mayunifolomu a sukulu, kenako kumabwera Khirisimasi. Palinso masiku a Idi, komanso zovala za amayi a Mvano ndi makwaya. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, pamene usodzi wa makoka umakhala wotsekedwa ndipo chimanga chatha m'nyumba zambiri. Miyezi imeneyo mudzadalira zigamba ndi zimene munasunga. Lowani banki m'khonde, ndipo pemphani gululo kuti lizikumana pakhomo panu kapena pamalo amene njinga yanu ingafike. Ngongole ya m'gulu igwire ntchito yogulira ulusi ndi zipi sukulu zikamayandikira kutsegulidwa, pamene mukudziwa kuti ibwerera msanga. Kukongola ndalama yonse ya makina musanaphunzire kusoka n'koopsa, chifukwa chiwongoladzanja chimayamba kukwera inu mukadali pa nsanza.

Ngati mulibe makina, yambani ndi singano ya m'manja sabata ino. Sokani mabatani, mipindiro ndi zigamba za a m'nyumba ndi oyandikana nawo, tchulani mtengo, ndipo lembani m'kope. Pakatha mwezi mudzadziwa ngati msana ndi mapewa zikupirira, ndiponso ngati pamudzi panu pali anthu okwanira obweretsa zovala. Mayankho awiri amenewo ndiwo akuuzeni ngati nthawi yogula makina yakwana.