Khosi likamawawa mpaka m'dzanja: ndi mnofu kapena mtsempha?

Kuno ku Eiffel Flats makosi amagwira ntchito yaikulu. Ena amasenza matumba a miyala ya golide paphewa, ena amayendetsa zigalimoto zogwedeza thupi pa mgodi wa Cam and Motor, amayi amasenza zidebe za madzi pamutu. Khosi likayamba kuwawa ambiri amangoti "ndinagona molakwika." Kawirikawiri amakhala akunena zoona. Koma ululu ukatsika ndi mkono mpaka ku zala, nkhani imakhala ina.

Mnofu ukakokeka, ululu umakhala pakhosi pomwepo ndi pamwamba pa phewa, mwina mpaka kuseri kwa mutu. Khosi limauma, ndipo mukadina ndi chala mumapeza pamene pakuwawa. Zala sizichita dzanzi, mphamvu za dzanja zimakhala momwe zinalili. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimatha.

Mtsempha wopanikizika ndi wosiyana. M'khosi muli mafupa 7, ndipo pakati pawo pali tinthu tofewa tokhala ngati nkhata. Mitsempha yopereka mphamvu ku mkono, yomwenso imachititsa kuti khungu lizimva, imatulukira m'mbali mwa mafupawa. Kankhata kaja kakatumphuka, kapena fupa likamera kamphuno chifukwa cha ukalamba, mtsempha umapanikizika. Apo mkono umawawa kuposa khosi lenilenilo. Ululu wake ndi wobaya kapena wotentha, umadutsa pachigongono, ndipo umabwera ndi dzanzi pa zala zina, osati zonse.

Tiyerekeze kuti bambo wa zaka 45 wasenza matumba sabata yonse. Loweruka akudzuka ululu ukutsika kuseri kwa mkono wamanja mpaka pa chala chapakati. Akatsokomola kapena kuyetsemula ukubaya. Akaweramutsa mutu n'kuupendeketsa cha kumanja ukukula, koma akatukula dzanja n'kuliika pamutu ukuchepa. Akafuna kukankha wilibala, mkono ukulephera kuwongoka mwamphamvu. Uwu ndi mtsempha umene madokotala amautcha C7, ndipo ndi umene umapanikizika kawirikawiri. Dzanzi likanakhala pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, tikanaganizira C6. Pa chala chaching'ono, C8. Mukapita kuchipatala, tchulani chala chenicheni chimene chachita dzanzi, chifukwa zimenezi zimathandiza dokotala kuposa kungoti "dzanja lonse."

Ambiri otere amachira popanda opaleshoni, pakati pa masabata 6 ndi 12, choncho musataye mtima ululu ukapitirira mwezi. Lekani kaye kusenza katundu pamutu kapena paphewa, koma musagone tsiku lonse. Kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka kumathandiza. Thowani khosi ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15, ndipo gonerani pilo mmodzi wosatalika. Munthu wamkulu angamwe panado wa 500 mg, mapilitsi awiri, osapitirira kanayi patsiku. Bulufeni imwani mutadya, koma ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, BP, muli oyembekezera kapena mukumwa ma ARV, funsani kaye anamwino. Musalole wina akupotozeni khosi kuti "lilire," ndipo kutema mphini sikufika pamene pali vuto. Sabata ziwiri zikatha osasintha, pitani ku kiliniki.

Dziwaninso kuti ekisire imaonetsa mafupa, sionetsa mitsempha. Dokotala akangokuyezani mphamvu za manja osakujambulani, sanakunyalanyazeni. Kujambula kwa MRI kumafunika kwa ochepa, makamaka amene mphamvu zikunka zichepa.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira nazo. Pitani tsiku lomwelo ku Kadoma General Hospital, kapena ku Chegutu District Hospital ngati ndiko kufupi, mukaona manja akulephera kumanga mabatani, zinthu zikugwa m'manja, mukuyenda dzandidzandi, kapena mkodzo ukutuluka wokha kapena ukukana kutuluka. Apa chopanikizika chingakhale mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana, ndipo kuchedwa kumalumaza. Chimodzimodzi khosi likayamba kuwawa mutagwa, mutachita ngozi ya galimoto kapena mwala utakugwerani m'mgodi: wovulalayo asagwedezedwe khosi pomunyamula.

Ululu wa mkono, makamaka wamanzere, wobwera ndi kupanikizika pachifuwa, thukuta ndi befu ungakhale wa mtima. Dzanja likafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu n'kusokonekera, ndi sitiroko. Zonsezi n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa amene anagwirapo ntchito m'migodi, kapena ali ndi HIV, pali chinanso. TB simagwira mapapo okha, imalowanso m'mafupa a msana. Mukakhala ndi ululu wa khosi wosatha, wokula usiku, wobwera ndi kuwonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, auzeni anamwino zonsezi ndipo pemphani kuyezedwa TB.