Chithunzi cha Sitika ya Firiji: Mafunso ndi Mayankho

Masiku ano firiji ikawonongeka, mmisiri asananyamuke amati, "Tanditumizirani kaye chithunzi cha sitika." Wogulitsa firiji yogwirapo kale ntchito nayenso amakutumizirani zithunzi pa foni. Pa kasitikako pamalembedwa zambiri zoti zingakupulumutsireni ndalama, koma ambiri amangokayang'ana n'kudutsa.

Kodi sitikayo imakhala pati?

Pa wailesi yakanema ndi mayikolowevu imakhala kumbuyo. Pa firiji yambani mwayang'ana mkati, pakhoma la m'mbali chakumunsi, pafupi ndi kabokosi koikamo masamba. Ikapanda kupezeka, onani kumbuyo. Pa makina ochapira otsekulira kutsogolo imakonda kukhala m'mphepete mwa chitseko. Koma chenjerani ndi sitika ya pa kompuresa, kachimbiya kakuda kamene kali kumbuyo chapansi. Imeneyo imanena za kompuresa yokhayo, ndipo nthawi zambiri anaipanga ndi kampani ina. Nambala yake imathandiza pogula kompuresa yatsopano, koma simungagulire labala ya chitseko.

Nambala ya modelo ndi siriyo nambala zimasiyana bwanji?

Modelo ili ngati mfunda, siriyo ili ngati dzina la munthu mmodzi. Mafiriji onse opangidwa mofanana amakhala ndi modelo imodzi, koma iliyonse ili ndi siriyo yakeyake. Pa sitika, modelo imalembedwa patsogolo pa mawu akuti `MODEL`, `Model No.` kapena `Model Code`, pomwe siriyo imabwera patsogolo pa `S/N` kapena `Serial No.`, kawirikawiri pafupi ndi timizere takuda toimirira. Pa katundu wa Bosch ndi Siemens modelo imatchedwa `E-Nr.`

Mukafuna sipeya, yofunika kwambiri ndi modelo. Mukafuna kudandaula za galanti, kapena kutsimikizira apolisi kuti firiji yobedwa imene yapezekayo ndi yanu, yofunika ndi siriyo.

Ndingangotumiza zilembo zoyambirira zokha za modelo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwira. Zilembo zakumapeto, makamaka zobwera pambuyo pa kamzere kopendama kapena kadontho, zimasonyeza mtundu, dziko limene katunduyo anapangira, kapenanso kuti anasinthidwa mkati. Pa Bosch, `E-Nr.` yothera ndi `/01` ndi ina yothera ndi `/05` zingakhale firiji zofanana kunja, koma bodi yamagetsi kapena fani n'kukhala yosiyana. Mukaitanitsa sipeya ku Joni ndi nambala yoduka, ikafika n'kukana kulowa, ndalama ya katundu ndi ya thiransipoti zapita, ndipo kubweza n'kovuta. Koperani nambala yonse, osasiya chilembo ngakhale chimodzi.

Kodi sitika ingandiuze chaka chimene firiji inapangidwa?

Kawirikawiri inde, kungoti kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake. Siriyo ya LG imayamba ndi manambala atatu: yoyamba ndi nambala yomaliza ya chaka, awiri otsatirawo ndi mwezi. Pa Bosch pali nambala yotchedwa `FD`. Mukawonkhetsa 20 pa manambala ake awiri oyamba, manambala awiri omaliza a yankholo ndiwo chaka, ndipo awiri otsatira pa `FD` ndi mwezi. Choncho `FD 9803` ndi Malichi 2018.

Tiyerekeze kuti wina akukugulitsani firiji ya LG, akuti, "Bwana, iyi yangogwira ntchito zaka ziwiri basi." Pa chithunzi siriyo ikuyamba ndi `903`. Ndiye kuti inapangidwa mu Malichi wa chaka chothera ndi 9, kaya 2019 kaya 2009. Siriyo payokha singakuuzeni kuti n'chiti mwa ziwirizi. Zimenezo mumazidziwa poona kapangidwe ka firijiyo, kapena pofufuza kuti modeloyo inali pamsika liti. Dziwaninso kuti ili ndi deti lopangidwira, osati logulidwira, chifukwa katundu amatha kukhala m'sitolo miyezi yambiri. Komabe firiji ya 2019 imene mwini wake akuti ndi yadzana ikufunika risiti. Popanda risiti, mtengo utsike.

Nanga manambala a magetsi aja ndiwawerenge bwanji?

Funani pamene pali `V` ndi `Hz`. Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230 pa `50Hz`, choncho sitika yolembedwa `220-240V~ 50Hz` ilibe vuto. Katundu wochokera ku Britain kapena ku South Africa amagwirizana ndi magetsi athu, ngakhale wa ku South Africa angafunike kusintha pulagi. Koma mukaona `120V 60Hz`, ameneyo ndi wa ku America, ndipo `100V` ndi wa ku Japan. Mukamulumikiza pa soketi popanda thiransifoma amapsa.

Nambala ya `W` ndi mawati amene chipangizocho chimakoka. A pa sola asamangodalira nambala imeneyi posankha inveta, chifukwa kompuresa wamba ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa olembedwawo.

`R600a` ndi `R134a` n'chiyani?

Ndi mayina a gasi woziziritsa, ndipo pambali pake pamalembedwa kuchuluka kwake m'magalamu. Gasi ameneyu sasinthanitsidwa, chifukwa kompuresa iliyonse inapangidwira gasi wake. `R600a` amayaka moto, n'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amafuna kudziwiratu asanayatse chowotcherera mapaipi. Amene akufuna kuthira gasi osayang'ana n'komwe sitika, musamupatse firiji yanu.

Pafupi pomwepo pamalembedwa `Climate Class`. Ya `N` inapangidwira chipinda chotentha mpaka madigiri 32, ya `ST` mpaka 38, ya `T` mpaka 43. Wokhala ku Nsanje kapena ku Chikwawa asankhe yokhala ndi `T`, chifukwa ya `N` mu Okutobala imangolira osapuma, mkatimo osazizira bwino.

Chithunzi chili mbuu. Ndingasiyanitse bwanji `0` ndi `O`, kapena `8` ndi `B`?

Musamalote. `1` ndi `I`, `5` ndi `S`, `2` ndi `Z` nazonso zimasokoneza. Yerekezani chilembo chokayikitsacho ndi china cha pa sitika yomweyo chimene mukuchidziwa bwino, monga `0` wa mu `50Hz` ndi `O` wa mu `MODEL`. Kawirikawiri ziro imakhala yowonda. Kenako lembani modeloyo pa tsamba la kampaniyo. Ikapanda kupezeka, yesani ndi chilembo chinacho. Siriyo ndiye yovuta kuitsimikiza chonchi, choncho pemphani chithunzi china.

Ndijambule bwanji kuti ziwerengeke?

Pukutani sitika ndi kansalu konyowa pang'ono, osati ndi sipiriti, chifukwa angafufute inki. Pukutaninso diso la kamera. Zimitsani fulashi, popeza sitika zonyezimira zimabweza kuwala n'kuphimba manambala. M'malo mwake wina aunikire ndi tochi chakumbali. Foni iyang'anizane ndi sitika mowongoka, ndipo dinani pamene pali zilembo kuti zioneke bwino musanajambule. Jambulani ziwiri: china cha sitika yonse ndi ngodya zake zinayi, china chapafupi pa modelo ndi siriyo. WhatsApp imachepetsa zithunzi, ndiye dinani `HD` kapena tumizani ngati `Document`.

Wogulitsa akuti sitika inamatuka. Ndigulebe?

Ya kumbuyo imatha kuchoka ndi ukalamba kapena ponyamula, zimenezo zimachitika. Muuzeni ajambule ya mkati. Pemphaninso chithunzi chotalikirako, chosonyeza sitika ili pa firiji imene mukuguladi, chifukwa chithunzi chapafupi chingakhale cha firiji ina. Mukaona kuti sitika yonse ilipo koma pa siriyo pokha ndiye pakandidwa, katundu ameneyo musiyeni, ngakhale mtengo wake utakoma bwanji.