Laputopu ikazima, ntchito ya m'mawa isazime nayo

Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, ZESCO inayamba kuthimitsa magetsi kwa maola 8 patsiku mu Malichi, ndipo pofika Seputembala madera ambiri ankakhala mumdima mpaka maola 21. Migodi yambiri ya kuno imalandira magetsi kudzera ku Copperbelt Energy Corporation, koma shopu yanu ya m'tauni ya Kitwe kapena ofesi yanu ya ku Ndola ili pa waya wa ZESCO ngati nyumba ina iliyonse. Ngakhale magetsi atakhalapo, laputopu imapita kunyumba m'chikwama, imagona mukaitseka, ndipo bando imatha pakati pa usiku. Komabe anthu akupitirizabe kuisenzetsa ntchito yoti izichitika yokha 5:30 m'mawa uliwonse.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti `cron`, pulogalamu imene imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, sibweza ntchito imene yadutsa. Makina akakhala ozima 5:30, ntchito ya tsikulo yapita basi, ngakhale muwayatse 5:35.

Tiyerekeze ndi munthu amene amagulitsa zida za makina a kumigodi, shopu yaikulu ili ku Kitwe, nthambi ili ku Ndola. Katundu amaoda ku Johannesburg pa mitengo ya madola. Ali ndi kapulogalamu ka Python kamene kamatsitsa mitengo ya woodetsayo, n'kuichulukitsa ndi mtengo wa dola wa tsikulo, n'kulemba fayilo ya `mitengo.csv` imene ogulitsa amaiona pafoni asanatsegule. Ntchito imeneyi ndiyo tikuisamutsa.

Choyamba dzifunseni kuti zimene kapulogalamuko kamawerenga zili kuti. Ngati zonse zili pa intaneti, pitirizani. Ngati kamawerenga fayilo ya Excel imene ili m'laputopu momwemo, seva ya kunja singaifikire, ndipo muyenera kuyamba mwasamutsa fayiloyo.

Ena adzakuuzani kuti gulani Raspberry Pi muiike pashopu ndi kabatire. Kamakinako kamadya magetsi ochepadi, koma rauta nayo ikufuna batire, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali nsanja za netiweki nazo zimafooka. Khadi yake yosungira mafayilo imawonongekanso magetsi akamazima mwadzidzidzi. Ine sindilimbikitsa njira imeneyi pa ntchito imene ndalama zanu zikudalira. Lipirani seva yaing'ono ya lendi ku makampani monga DigitalOcean kapena Hetzner. Yotsika kwambiri, ya memore ya 1 GB kapena kuposerapo pang'ono, ndi madola 4 mpaka 6 pamwezi. Mufunika khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugula pa intaneti. Sankhani Ubuntu, lowani ndi kiyi ya SSH osati pasiwedi, pangani dzina lolowera loti `ntchito`, kopererani mafayilo anu, n'kuika zimene Python ikufuna mu `venv`. Zimenezi n'za ola limodzi, ndipo si apa pamene anthu amagwa.

Konzani nthawi musanachite china chilichonse. Maseva ambiri amabwera ali pa UTC, pamene Zambia ili patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. Mukalemba 5:30 osasintha kanthu, ntchito idzayenda 7:30 ya kuno, ogulitsa atatsegula kale ndi mitengo ya dzulo.

```
sudo timedatectl set-timezone Africa/Lusaka
sudo systemctl restart cron
date
```

Mzere wachiwiriwo musaudumphe, chifukwa `cron` imagwirabe nthawi yakale mpaka itadzutsidwanso. Wachitatu ukuonetseni nthawi yofanana ndi ya pafoni yanu, ndi zilembo za CAT.

Tsopano tafika pamene pamagwera pafupifupi aliyense. Munthu amayendetsa kapulogalamu ndi dzanja pa seva, kamayenda bwino, amalemba mzere umodzi mu `crontab`, n'kutseka laputopu mtima uli m'malo. Kuyambira pamenepo palibe amene akuyang'ana. Pa laputopu, ntchito ikalephera munkaona ndi maso chifukwa munali pomwepo. Pa seva ikalephera sipamveka kanthu: palibe uthenga, palibe belu, ndipo fayilo ya dzulo imangokhala pamalo pake ikuoneka ngati ya lero. Ndaonapo mashopu akugulitsa ndi mitengo yakale kwa milungu, mwini wake akunyadira kuti zonse zikuyenda zokha.

Taonani ndalama zake. Tinene kuti chida ndi madola 40, ndipo dola yakwera kuchoka pa K26 kufika pa K27 pamene fayilo yanu inaima. Pa chida chilichonse mukutaya K40. Mukagulitsa 50, K2,000 yapita, ndalama yokwanira kulipira seva chaka chathunthu.

N'chifukwa chiyani chinthu chimene chinayenda ndi dzanja chimalephera pa `cron`? Chifukwa `cron` sidziwa zimene inu mumadziwa mukalowa. Imayambira m'foda yanu yaikulu, osati m'foda ya pulogalamu, choncho fayilo imene mwaitchula ndi dzina lokha siipeza. Pa makina ambiri imafufuza malamulo m'malo awiri okha, `/usr/bin` ndi `/bin`. Sidziwa za `venv` yanu, ndipo makiyi amene munaika mu `.bashrc` siwawerenga. Ngakhale zonsezi mutakonza, tsiku lina woodetsa adzasintha pasiwedi, kapena tsamba lake lidzabweza uthenga wa vuto m'malo mwa mitengo.

Chotero musaike lamulo la Python mwachindunji mu `crontab`. Sinthani kapulogalamu kanu, `tsitsa.py`, kuti kazitulutsa mitengo ndi `print` m'malo molemba `mitengo.csv` kokha, kenako lembani fayilo yaing'ono yoti `yendetsa.sh`:

```
#!/bin/bash
set -e
cd /home/ntchito/mitengo
venv/bin/python tsitsa.py > mitengo.tmp
test "$(wc -l < mitengo.tmp)" -gt 100
mv mitengo.tmp mitengo.csv
curl -fsS -m 10 --retry 3 https://hc-ping.com/NAMBALA-YANU
```

Mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake. `set -e` akutanthauza kuti lamulo limodzi likalephera, otsatira asayende. `cd` akuthetsa vuto la foda. Zotsatira zikuyamba zalembedwa mu `mitengo.tmp`, ndipo apa mvetserani bwino: chizindikiro cha `>` chimafafaniza zonse za m'fayilo pulogalamu isanayambe n'komwe. Mukachilozetsa ku `mitengo.csv`, intaneti n'kuduka pakati, ogulitsa anu a ku Ndola adzatsegula fayilo yopanda kanthu, ya dzulo yabwinoyo itapita. Mzere wa `test` ukuwerenga mizere ya fayilo yatsopanoyo. Ngati katundu wanu ndi wa mitundu 800 koma fayilo yabwera ndi mizere itatu, china chake chalakwika, ndipo ntchito iimire pomwepo. Sinthani 100 kuti igwirizane ndi katundu wanu. Fayilo ikapambana mayesowa m'pamene `mv` amaiika pamalo pa yakale.

Mzere womalizawo ndiwo wofunika kuposa yonse, ndipo ndiwo anthu amausiya ati adzauika mawa. Musausiye. Ambiri amaganiza zoti seva izitumiza uthenga ikalephera, koma seva imene yazimitsidwa chifukwa khadi yanu inalibe ndalama pa tsiku lolipira singatumize uthenga uliwonse. Nzeru yake ndi yotembenuza: seva izinena kuti yamaliza, ndipo wina wa kunja azikuuzani ikapanda kunena. Zili ngati mlonda wa usiku amene amayenera kuimba foni nthawi yoikika. Foni ikapanda kulira, mumadziwa kuti kwagwa zina. Healthchecks.io imachita zimenezi kwaulere pa ntchito zochepa. Mumapanga cheke chimodzi, amakupatsani adiresi ya `hc-ping.com` yokhala ndi nambala yanuyanu, mumawauza kuti aziyembekeza uthenga kamodzi patsiku, n'kuwapatsa mphindi 30 zodikira. Nthawiyo ikadutsa kuli zii, amakutumizirani imelo kapena uthenga wa Telegram. Popeza `curl` ali kumapeto ndipo `set -e` ali kumayambiriro, uthengawo umapita pokhapokha zonse zayenda.

Ndibwerezenso, chifukwa ndikudziwa kuti ena muwerenga n'kudumpha: ntchito imene ilibe wokuuzani ikaima simunamalize kuikhazikitsa. Kunena kuti muzidzayang'ana nokha m'mawa uliwonse n'kudzinamiza, sabata yachiwiri simudzayang'ananso.

Kenako lolani fayiloyo kuyenda ndi `chmod +x yendetsa.sh`, tsegulani `crontab -e`, mulembe:

```
30 5 * * * /home/ntchito/mitengo/yendetsa.sh >> /home/ntchito/mitengo/log.txt 2>&1
```

Nambala yoyamba ndi mphindi, yachiwiri ndi ola. Kachidutswa ka `2>&1` kamatumiza mauthenga a mavuto mu `log.txt`. Popanda iko, chifukwa cha kulepherako simudzachiona. Ngati munalembera fayilo ya `yendetsa.sh` pa Windows ndipo mu `log.txt` mukupezeka mawu osonyeza kuti fayiloyo kapena `/bin/bash` sizikupezeka pamene zilipo, vuto ndi mathero a mizere a Windows, ndipo `dos2unix yendetsa.sh` amakonza.

Musadikire mawa kuti muone ngati zayenda. Sinthani nthawi ikhale mphindi zitatu kutsogolo, tulukani mu seva, dikirani, mulowenso n'kuona `log.txt` ndi nthawi imene `ls -l mitengo.csv` akuonetsa. Zikayenda, iwonongeni dala: lembani pasiwedi yolakwika, muchepetse nthawi imene cheke chija chimayembekezera uthenga komanso nthawi yake yodikira, muone ngati uthenga ukufika pafoni yanu komanso ngati fayilo yakale yatsala bwinobwino. Amene sanayesepo kulephera sadziwa ngati chenjezo lake limagwira. Mukakhutira, bwezerani pasiwedi, nthawi za cheke ndi nthawi ya 5:30. Uzaninso kapulogalamu kanu kuti kazilemba deti ndi ola pamwamba pa fayilo, kuti wogulitsa wa ku Ndola azitha kuona yekha ngati mitengo ndi ya lero.

Ngati mulibe khadi yolipirira kunja, kapena simukufuna kusamala seva, ntchito ya mphindi zochepa ingayende pa makina a ena popanda lendi ya mwezi. GitHub Actions imalola kuika nthawi m'kalembedwe komweka ka `cron`, koma imawerenga mu UTC mukapanda kuiuza zina, choncho 5:30 ya kuno ndi `30 3 * * *`. Imachedwanso nthawi zina, makamaka kumayambiriro kwa ola, ndipo pa nkhokwe yoonekera kwa aliyense imaimitsa ndandanda pakadutsa masiku 60 popanda kusintha kalikonse. Ngati mitengo yanu ili kale mu Google Sheets, Apps Script ndiyo yapafupi, kungoti ntchito imodzi siipitirira mphindi 6, ndipo mumasankha ola, osati mphindi yeniyeni. AWS Lambda imadula pa mphindi 15. Njira zonsezi zimaimanso mwakachetechete, ndiye uthenga wa `hc-ping.com` uja uikeni kumapeto kwa ntchito ngakhale kumeneko.

Za khadi musazione mopepuka. Lembani tsiku lolipira pa kalendala ya foni, ndipo muzisiya ndalama yoposa imene munalipira mwezi watha, chifukwa bilu ili m'madola ndipo banki imawonjezera kake. Makampani a maseva amayamba atumiza maimelo, kenako amaimitsa seva, ndipo ngongole ikakhalitsa amafafaniza zonse. Choncho lembetsani ndi imelo imene mumaitsegula tsiku ndi tsiku, ndipo sungani kope la `tsitsa.py`, `yendetsa.sh` ndi mzere wa `crontab` pamalo ena kunja kwa sevayo.